Dothi limene tinatumiza ku boma

Anthu akamandinena kuti ndine wamakani sindikana. Makaniwo ndinayamwira kwa amayi, ndipo ndinawaona akugwira ntchito chaka chimene alangizi anabwera kudzakumba dothi m'minda yathu kunsi kwa phiri la Michesi. Panthawiyo ndinali ndi mwana mmodzi kumbuyo, amuna anga ali ku migodi ku Joni, ndipo bambo anali atamwalira chaka cha njala yaikulu. Pakhomo tinalipo akazi awiri, khanda, mbuzi zinayi ndi munda umodzi.

Mundawo amayi anauvutikira kuti aupeze. Anawoloka kuchokera kwa Apwitikizi ali mtsikana, atasenza mphika ndi mbewu ya nandolo, nakakhala pa esiteti ya mzungu kumene ankalima thangata. Kumeneko anaphunzira kuti mzungu akaima pamunda wako ndi kuyamba kufikisa dothi ndi zala, yamba kumanga katundu. Anawachotsa kawiri, ndipo kawiri konseko kunali chifukwa chakuti malowo anali achonde. Atafika kuchigwa cha Phalombe anapatsidwa tchire, nazula zitsa ndi manja awo. Dothi lake linali lakuda mofiirira, lofewa, loti ukaponda phazi limalowa. Amayi ankati munda umenewu adzawachotsamo ali pachithatha.

Alangizi anafika titangokolola, pa njinga, atamangirira ndowa, khasu ndi timatumba tansalu. Anali bambo wodekha wa ku Migowi, Msilamu, wosakonda kukalipa ngati anzake amene ankatithamangitsa ndi nkhani ya mizere ndi migula yotchinga madzi. Anatiuza kuti boma likufuna kuyeza nthaka ya mudzi wonse. Ndinawatsatira m'munda kuti ndione. Ankayenda mokhotakhota, akaima n'kuchotsa zinyalala pamwamba, n'kukumba mozama ngati chikhatho, n'kutapa dothi pang'ono kuthira m'ndowa. Anachita zimenezi malo oposa khumi. Pachulu sanatapepo, pamene tinaotcha mapesi anapalambalala, ndipo m'mbali mwa njira sanafikemo, ati malo otere amanamiza. Atatha anasakaniza dothi lonse, nadzaza kathumba kamodzi, nalembapo nambala seveni.

Sabata imeneyo kunali mvula ya mawawa, ndipo dothi linali lonyowa. Alangizi anati silingapite chomwecho, liyambe lauma pamthunzi, osati padzuwa. Anasiya kathumbako pakhonde pathu kali kotsegula, nati adzakatenga mkuja.

Amayi anakhala tsiku lonse akukayang'ana kathumbako ngati muli njoka. M'mawa mwake anandiitana.

"Iwe, tenga lichero unditsate."

"Tikupita kuti, amayi?"

"Ukufunsa ngati wapolisi bwanji? Tiye."

Anayamba apita kumunda n'kukhuthula dothi lija pomwe linachokera. Kenako tinatsikira kuchigwembe chimene madzi a m'phiri anakumba pafupi ndi njira ya ku Migowi, kumene kulibe ngakhale udzu, katondo yekhayekha wofiira wouma gwa. Anaswa zibuma ndi msana wa khasu, ine n'kumapeta kuchotsa miyala. Inde, ndinapeta ndine, sindingawanamizire amayi okha. Ndinangonena mawu amodzi, kuti nanga akadzazindikira? Iwo anati, "Munthu wotenga dothi la m'munda mwako watenga zokolola zako, zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndiye mzungu akanunkhiza kuti pano pali chonde, iwe ndi kamwana kakoka mukagona kuti? Aone lofiirali, atinyanyale, atisiye." Tinamanga kukamwa kwa kathumba ndi luzi mwamphamvu, ndipo alangizi atabwera anangokaponya m'dengu la panjinga pamodzi ndi tinzake.

Kalata inabwera patapita miyezi itatu, anthu atayamba kusosa. M'mudzi monse akazi odziwa kuwerenga tinalipo awiri, ndipo mnzangayo anali ndi chibwibwi, choncho makalata a boma ndinkawerenga ndine. Tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Anabweranso Asilamu angapo a kusitolo amene ankalima moyandikana nafe. Alangizi anandipatsa pepala lotayipa m'Chinyanja, iwo naima pambali atagwira njinga.

Ndinayamba ndi mawu okweza, ndikudzimva ndithu. Kalatayo inati nthaka yayesedwa zinthu zitatu: kuwawasa kwake, chakudya chimene chimakhwimitsa mizu ndi njere, ndiponso zowola zimene zimadetsa nthaka ndi kusunga chinyezi. Inati minda yambiri ya m'mudzi mwathu si yowawasa koopsa ayi, koma zowola zikutha chifukwa timaotcha mapesi chaka ndi chaka. Tsono dzinja likudzali tikwirire mapesi m'mizere, tithire manyowa a m'khola owola bwino, mizere ipingase kutsetsereka kwa malo, ndipo pamene panali chimanga chokha tibzalepo mtedza kapena nandolo. Anthu anang'ung'udza. Bambo wina anati, "Nandolo akutiphunzitsa ife Alomwe? Mawa atiphunzitsa kuphika kalongonda!" Tinaseka tonse, ine ndemwe.

Kenako kunabwera manambala. Munda woyamba, wabwino. Wachiwiri, wamchenga, uchuluke manyowa. Wachisanu, wa makande kumunsi, madzi amaima, akumbe ngalande. Nditafika pa seveni ndinaima.

"Werenga, iwe!" anatero amayi. "Wameza ntchentche?"

Ndinawerenga. Nambala seveni: nthaka yowawasa kwambiri, yopanda zowola, chakudya cha mizu chochepetsetsa. Nthaka yapamwamba inakokoloka yonse, chatsala ndi chapansi. Kulima pamenepa n'kuononga minda ya ena kumunsi. Mwa lamulo la kasungidwe ka nthaka, mundawu ugonekedwe zaka zitatu, pabzalidwe udzu, pasalowe khasu kapena mbuzi. Wobzalapo mbewu adzamuzulira ndi kumutengera kubwalo.

Aliyense pamenepo ankaudziwa munda wathu, ndipo ena anadyapo chimanga chake chaka cha njala. Ine manyazi ndi mantha zinandigwira pamodzi. Amayi anadzuka, nakutumula chitenje, nati, "Zaka zitatu tizidya udzu? Kalatayo ikalime yokha. Ine mawa ndili m'munda." Anachoka osatsanzika.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, alangizi anafika pakhomo. Anakana mpando, nakhala pamwala.

"Mayi, ine ndinakumba dothi lakuda ndi manja angawa. Pepala lochokera kwa oyesa nthaka likunena dothi lofiira ngati njerwa. Bwana andifunsa ngati ndinatapa pamsewu chifukwa cha ulesi. Ntchito yanga ili pakhosi. Tandiuzani, chinachitika n'chiyani pakhonde pano?"

Amayi anapitiriza kusenda chinangwa cha makaka ngati sakumva. Ndinayankha ndine. Ndinaulula zonse, chigwembe, lichero, luzi. Amayi anandiponyera diso limene mpaka lero sindinaliiwale.

Alangizi anagwira kumutu. "Mayi inu, mayi inu! Oyesawo alibe ula. Amayeza chimene mwawapatsa. Mwawapatsa chigwembe, akuyankhani za chigwembe. Mankhwala awo sananame, anama ndi kathumba."

"Nanga inu bambo munatiuza kuti dothilo mukukachita nalo chiyani?" anatero amayi. "Munangoti boma likufuna. Boma linafunapo chiyani kwa ine chimene linabweza?"

Alangizi anangoti bwana woyang'anira zaulimi abwera ku Migowi Lachinayi, ndipo njira ndi imodzi yokha, kukanena zoona kuti dothi liyesedwenso. Atachoka tinakangana ndi amayi mpaka mbuzi zinalowa zokha m'khola. Iwo ankati kukhala chete n'kulima basi, azule aone. Ine ndinkati akazula chimanga mu Januwale tidzabzala chiyani, ndipo bambo wosalakwa achotsedwe ntchito chifukwa cha ife? Ndinalankhula mwamwano tsiku limenelo, ndinati nzeru zawo za kuthangata zatipha. Pomaliza anati, "Chabwino, ophunzira inu. Tipita. Koma chimene chidzatuluke kumeneko udzachisenze ndiwe."

Lachinayi tinalawirira. Amayi anasenza dengu lodzaza dothi la m'munda, pamwamba ataikapo zisononkho zitatu za chimanga zazitali ngati mkono wa mwana. Ku Migowi tinapeza mzungu atakhala patebulo kuseri kwa msika, wofiira ndi dzuwa, womasulira ataima pambali pake, anthu ali pamzere ndi milandu ya migula. Itafika nthawi yathu amayi sanagwade. Anatula dengu patebulo penipeni, pamwamba pa mapepala, fumbi n'kuti fuu.

"Muwauze bwanawa kuti nambala seveni ndine. Dothi limene anayeza ndinasintha ndine, ndi manja awa. Alangizi alibe mlandu. Ndinabisa chifukwa kumene ndachokera munda wabwino umadyedwa ndi azungu. Dothi lenileni ndi ili, ndipo ana ake ndi awa." Anagogoda tebulo ndi chisononkho.

Womasulira anayamba kuzungulira, kufewetsa mawu. Ine Chingelezi ndinkamvako pang'ono, ndiye ndinati, "Bambo, nenani monga anenera, za azunguzo musasiye." Anandiyang'ana moipidwa koma ananena. Mzungu anafiira kuposa kale. Ndinkayembekeza kuti aitana mesenjala atimange. M'malo mwake anatsegula kabokosi, natulutsa kambale koyera ndi kabotolo. Anatapa dothi la amayi pang'ono, nadonthezera mankhwala, napendeketsa kambaleko kuti madzi ayenderere pambali. Madziwo anasanduka achikasu chopita kobiriwira. Anatuma munthu kukatapa katondo pamtunda wofukuka kuseri kwa sitolo, nachitanso chimodzimodzi, ndipo apo madzi anafiira. Womasulira anati kufiira ndiye kuwawasa kwambiri, kubiriwira ndiye nthaka yabwino.

"Ndiye mwaona," anatero amayi, akunyamula dengu.

Koma mzungu anapukusa mutu. Anati dengu si munda. Munthu amene ananama kamodzi angathe kutapa m'khola kapena pabwinja. Anatinso kabotoloko kamangoonetsa kuwawasa, zinazo mpaka kwa oyesa. Alangizi akakumbenso monga mwa dongosolo, dothi alitenge tsiku lomwelo, ndipo mpaka yankho libwere kalata yoyamba ikugwirabe ntchito.

"Yankholo libwera liti?" anafunsa amayi.

"Miyezi iwiri, kapena itatu," anatero womasulira.

"Mvula nayo mwaiuza kuti idikire?"

Womasulira sanamasulire zimenezo, ndipo ine sindinamukakamize, chifukwa anthu a pamzere anali atayamba kale kuseka.

Alangizi anadzakumbanso, ulendo uno dothi lili louma, nalitenga pompo. Amayi anawaperekeza mpaka kumsewu, maso ali pa kathumba. Mawa lake tinalowa m'munda ndi makasu, kalata kapena popanda kalata. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti amayi sanaotche mapesi. Anawagoneka m'makwalala n'kumaunda mizere pamwamba pake, mopingasa mtsetse, natuma ine kututa manyowa a mbuzi ndi dengu. Nditawaseka kuti kodi mwayamba kumvera boma, anati, "Ndani wamvera boma? Mawu anzeru ndawatola, achipongwe ndawasiya pomwepo. Ukatola bowa sudya ndi dothi lomwe."

Mvula inagwa kumapeto kwa Novembala, tinabzala chimanga ndi nandolo. Masabata amenewo sindinadye bwino. Ndikamva belu la njinga kumsewu mtima unkadumpha, poti tinali titaona kale minda ya ena ikuzulidwa chifukwa cha migula. Anansi ena anayamba kutilambalala. Mayi wina anandiuza pachitsime kuti tikuitanira mudzi wonse mavuto, ine ndinamuyankha kuti akamva njala chaka chino asadzabwere ndi mbale pakhomo pathu monga anachitira kale. Sindinalankhule bwino, koma sindinapepese.

Kalata yachiwiri inafika chimanga chili m'mawondo. Alangizi anaibweretsa kumunda komweko tikupalira, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wobweretsa zabwino zokhazokha. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuwerenga. Nambala seveni, kuyesa kwachiwiri: kuwawasa pang'ono chabe, kosafuna laimu. Chakudya cha mizu chokwanira. Zowola zambiri kuposa minda yonse imene inayesedwa m'deralo, koma zisungidwe pokwirira mapesi ndi kuthira manyowa, ndipo chimanga chizisinthana ndi mbewu za mtundu wa nyemba. Lamulo logoneka munda lafafanizidwa.

Ndinaluluta! Ndinavina ndi khasu m'manja, mwana kumbuyo akulira. Amayi sanasunthe. Anati, "Pepalalo ndaliona lili ndi mizere ina kumunsi. Maliza."

Kumunsiko kunalembedwa kuti popeza nthaka ya nambala seveni ndi yabwino koposa, ndiponso ili pafupi ndi njira, boma lasankha theka la mundawo kuti likhale munda wachitsanzo. Tikakolola adzakhoma zikhomo, ndipo kuyambira dzinja lotsatira theka limenelo lidzalimidwa ndi antchito a boma. Mwini munda adzapatsidwa malo ena kudambo.

Kudambo kumene ankanenako ndi makande, kumene chimanga chimamira m'madzi. Amayi anatsamira khasu, nandiyang'ana. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Ndinati chiyani, mwanangu?" Ndinalira pomwepo pamaso pa alangizi, kulira kwa mkwiyo, chifukwa choonadi chimene ndinawakakamiza kunena ndicho chinatsegula chitseko. Alangizi anati iwo anayesa kukana koma sanamveke, ndipo ndinawakhulupirira.

Tinakolola bwino chaka chimenecho, nkhokwe inadzaza mpaka tinamanga ina yaing'ono. Mu Juni anabwera anthu atatu ndi chingwe choyezera, nakhoma zikhomo khumi ndi ziwiri zopaka laimu kumutu, kudula munda wathu pakati. Amayi anali atapita kumaliro kutsidya kwa mtsinje. Ndinaima ndekha ndikuwaonerera, ndipo atangokhota pa njira ndinamangitsa mwana kumbuyo n'kuyamba kuzula. Zina zinali zolimba, ndinachita kuzigwedeza ndi kuzikumba ndi khasu, manja mpaka matuza. Amayi pobwera anandipeza ndikumanga mtolo ndi luzi. Anawerenga zikhomozo ndi chala, nayang'ana m'munda, nati, "Chimodzi chatsala kuseri kwa chulu." Anakazula okha.

Lachinayi mtolowo ndinasenza ndine mpaka ku Migowi, monga anandiuzira kuti chotuluka kumeneko ndidzasenza. Ndinautula patebulo lomwe lija, ndipo sindinadikire womasulira kuti andifunse. Ndinatulutsa kalata yachiwiri n'kuiwerenga mokweza pamaso pa anthu onse a pamzere, kuti zowola zambiri kuposa minda yonse.

"Mufunseni bwanayo," ndinatero, "zowolazo anaikamo ndani? Boma? Anaikamo ndi mayi awa, zaka makumi awiri. Kalata yanu yoyamba inati munda woipa tichokemo. Yachiwiri ikuti munda wabwino tichokemo. Tsono munda woti munthu wakuda akhalemo ndi wotani? Mukatenga uwu, m'chigwa monse muno simudzapezanso munthu wokupatsani dothi loona. Aliyense adzakutapirani m'chigwembe, ndipo ine ndidzawabwereka lichero."

Pamzere panamveka "Eya!" kenako wina, kenako ambiri. Ulendo uno womasulira ananena zonse, mwina chifukwa naye anali ndi munda kwawo. Mzungu anafunsa alangizi m'Chingelezi ngati n'zoona kuti anthu angachite zimenezo, ndipo ndinawamva akuyankha kuti midzi iwiri yakana kale kukumbidwa. Amayi anawonjezera mawu awo: "Akufuna chitsanzo? Anthu abwere adzaone mmene ndimalimira, sindibisa. Koma khasu ndi langa, nkhokwe ndi yanga."

Mzungu sanavomere, sanapepese. Anati mlandu wozula zikhomo za boma ulipo, ndipo anatitsekera awiri tonse m'kanyumba ka mesenjala mpaka dzuwa litapendeka, mwana ali nafe momwemo. M'katimo amayi anamasula kansalu, natulutsa makaka owiritsa, nandipatsa chidutswa chachikulu. Chiyambire tsiku lija ndinaulula kwa alangizi, aka kanali koyamba kundigawira chakudya ndi dzanja lawo.

Potitulutsa mesenjala anati tizipita, nkhaniyo bwana aiganizira. Mtolo wa zikhomo unali utaponyedwa panja pafupi ndi khomo. Amayi anauyang'ana, nafunsa ngati uli ndi mwini. Mesenjala anayang'ana kumbali, ndiye amayi anandisenzetsa.

Kalata yachitatu sinabwere. Tinaidikira dzinja limenelo ndi linzake, tikulima munda wonse mpaka m'malire, ndipo sinabwere. Alangizi ankabwera ndi alimi a midzi ina kudzaona mizere ya amayi, amayiwo n'kumawakalipira akaponda nandolo. Zikhomo zija tinamangirira mbuzi mpaka chiswe chinazitha. Amayi anatuluka m'mudzi muno ali pachithatha monga ananenera, ndipo onyamula maliro anadutsa nawo m'mphepete mwa mundawo, chimanga chili ndi ngayaye. Mzere umene anthu aja anakhoma zikhomo ndimaudziwabe pamene unadutsa, ndipo chaka chilichonse ndimayambira pamenepo kubzala.